Mawu atatu amene anatidyera dipoziti ku Joubert Park

Amalonda anzanga, sabata ino yokha anthu anayi anditumizira zithunzi za mapepala a nyumba kuti ndiwamasulire. Wina wajambula tsamba limodzi, wina wajambula theka la tsamba chala chake chitaphimba manambala a m'mbali, ndipo onse funso lawo ndi limodzi: “Mayi, apa akuti chiyani? Ndisaine?” Ndisanayankhe aliyense, ndaona kuti ndikufotokozereni zimene zinandichitikira ine. Ntchito yomasulirayi ndinaigwirapo molakwika, ndipo inatitayitsa ndalama zokwana kuodera katundu wa ulendo wathunthu.

Geni ya ku Joni ndaichita zaka zoposa khumi. Ndimaoda mabulangete, makatani ndi nsapato, ndimagulitsa ku Limbe. Amene mumayenda njira ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge mukudziwa kuti chovuta si ulendo wokha ayi, komanso pogona ndi posunga katundu ukafika. Ndiye tinagwirizana anthu atatu kuti tipeze chipinda chathu m'fulati ina ku Joubert Park, chapafupi ndi renki ya ma tekisi ya ku Noord, poti kuchokera pamenepo kupita ku Park Station ndi ulendo wapansi. Atatuwo anali mwana wa achemwali anga amene amaluka tsitsi komweko, mayi wina wa ku Mangochi, ndi mayi wina wa ku Ntcheu. Gawo la mwanayo ndinkalipira ndine chifukwa katundu wanga ndi amene ankadzaza pakona. Lendi inali R4,500 pamwezi, aliyense R1,500. Dipoziti anatiuza kuti ikhale ya miyezi iwiri, R9,000, aliyense R3,000. Mgwirizano unali wa miyezi 6, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Malichi.

Tsiku losaina ine ndinali ku Limbe, pamsika, makasitomala ali pakhomo. Mwanayo anatumiza zithunzi ziwiri pa WhatsApp nkuimba foni. Akuti, “Mayi aang'ono, ejenti akudikira, akuti pali ena akuchifuna chipindachi. Tangoonani za dipozitizo ngati zili bwino.” Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala, nkuwerenga mzere uwu:

“7.2 The Landlord may refund the deposit, subject to clause 12.”

Ndinamuyankha mosataya nthawi kuti, “Akuti landilodi adzabweza dipoziti. Sainani.” Chizungu ndimachidziwa, ndinafika fomu 4, ndipo palibe mawu ngakhale amodzi mu mzere umenewo amene anali achilendo kwa ine. Koma m'kumasulira kwanga ndinameza mawu atatu, “may” ndi “subject to”, ngati mmene timatayira mwala posankha mpunga, osadziwa kuti mwalawo ndiye nkhani yonse.

Tiyambe ndi “may”. Chodabwitsa nchakuti m'Chichewa chathu kusiyana kumeneku timakudziwa bwino kuposa azunguwo. Munthu amene watenga katundu wako pangongole akanena kuti “ndikupatsani Lachisanu”, umalemba m'kope. Akanena kuti “ndikhoza kukupatsani Lachisanu”, umadziwiratu kuti Lachisanulo lidutsa. Akanena kuti “ndiyesetsa”, umayamba kuiwala ndalamazo. Palibe wamalonda amene angapusitsidwe ndi mawu amenewa pamsika. Koma akalembedwa m'Chizungu papepala lokhala ndi chidindo, timangoona mawu akuluakulu, dipoziti, kubweza, nkudumpha timawu tating'ono timene tikunena ngati munthuyo wamangidwa kapena sanamangidwe. “May” ndi “akhoza, atafuna”. Mnzake ndi “shall”, amene amatanthauza “ayenera, afune asafune”. Masiku ano ena akulemba “must” m'malo mwake, koma mphamvu yake ndi yomweyo.

Patapita miyezi, nditaligwira pepala lonselo m'manja, masamba 9, ndinachita zimene ndikanayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinatenga cholembera nkuzungulira “shall” aliyense ndi “may” aliyense, kenako nkuona dzina limene lili patsogolo pake. Zimene ndinapeza zinandiseketsa mopweteka. Pafupifupi paliponse pamene panali dzina la ife alendi, panatsatira “shall”: ayenera kulipira pofika pa 1, ayenera kusamala chipinda, ayenera kupereka notisi yolemba. Pamene panali dzina la landilodi panatsatira “may”: akhoza kukweza lendi, akhoza kulowa kudzayendera, akhoza kubweza dipoziti. Pamalo amodzi pokha pamene landilodi anapatsidwa “shall”, anamumatirirapo mawu ena omasula chingwecho:

“The Landlord shall endeavour to effect repairs within a reasonable time.”

Ameneyu ndiye “ndiyesetsa” uja, wavala suti. Chimene walonjeza apa si kukonza ayi, walonjeza kuyesetsa. Ndipo “reasonable time” si Lachisanu, si masiku 7, ndi nthawi imene anthu awiri akhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa, wina akuti yakwana wina akuti sinakwane. Lifiti ya m'fulatimo inafa mu Disembala, nthawi imene katundu amachuluka, ndipo tinkakwera ndi zikwama pamutu mpaka nsanjika ya chisanu ndi chimodzi. Tikadandaula, keyateka ankangoti mabwana akuyesetsa. Sankanama. Ndi zimene analonjeza.

Tsopano “subject to”, amene anatipweteka kwambiri. Mawu amenewa ali ngati munthu amene akukupatsa chinthu ndi dzanja lamanja, lamanzere atabisa kumbuyo. M'Chichewa tingati “malinga ndi” kapena “pokhapokha ngati”. Akutanthauza kuti zimene wawerengazi sizikuima pazokha, zili pansi pa ndime ina, ndipo zikasemphana yopambana ndi inayo. Ndime 12 inali pa tsamba 6. Mwanayo anajambula tsamba 2 ndi tsamba 4 basi, chifukwa ndi pamene anaona manambala a ndalama. Sindimuimba mlandu. Ine ndi amene ndinaona “clause 12” ndi maso angawa koma osafunsa kuti ndime imeneyo ili kuti. Ndimeyo inkanena kuti potuluka alendi ayenera kupentetsa chipinda chonse ndi kulipira kampani yokolopa yosankhidwa ndi landilodi, ndipo ngati sanatero ndalamazo zidzachotsedwa pa dipoziti pamodzi ndi ngongole ina iliyonse.

Kuyambira pamenepo, munthu akanditumizira chithunzi chimodzi ndimakana kumasulira. Ena amakwiya, amati ndikudzimva. Koma mgwirizano si kalata yoti ukhoza kuwerenga pakati nkumva nkhani. Ndime zimakokana. Ndimafuna masamba onse, kuyambira loyamba pamene amafotokoza kuti mawu akuti ndi akuti akutanthauza chiyani m'pepalalo, mpaka lomaliza losainapo, ndi zomatidwa kumbuyo ngati malamulo a pafulati. Manambala a m'mbali aoneke, ndipo m'munsi mwa tsamba muoneke, chifukwa ambiri amalemba kuti ili ndi tsamba lachingati mwa masamba angati. Pepalalo liikeni pansi pamalo owala, osalijambula lili m'manja mwa ejenti. Ejenti amene akukana kuti mujambule masamba onse wakuuzani kale zimene zili m'masamba enawo.

Miyezi 6 inatha bwinobwino, ndipo palibe amene anatiuza za kusaina pepala lina. Tinangopitiriza kulipira, iwo nkumalandira. Ife tinkaganiza kuti mgwirizano watha, tsopano tikukhala mwaubale. Si mmene zilili. Lamulo la nyumba za lendi la ku South Africa, Rental Housing Act ya 1999, limati mlendi akapitiriza kukhala nthawi itatha, landilodi osakana, mgwirizano umapitirira mwezi ndi mwezi pa mfundo zomwe zija, ndipo wofuna kuuthetsa apereke notisi yolemba ya mwezi umodzi kapena kuposerapo. Choncho ndime 12 ija inali moyo ndithu, ife tikuiyesa maliro.

Mu Epulo mayi wa ku Ntcheu anapita kumudzi ndipo sanabwerenso. Poyamba ankayankha foni kuti akudwazika, kenako nambala inasiya kupezeka. Ife awiri tinapitiriza kulipira R3,000 yathu mwezi uliwonse mokhulupirika. Ejenti akatumiza uthenga kuti lendi yaperewera R1,500, mwanayo ankayankha mwaulemu kuti ife talipira zathu, yoperewerayo ndi ya mnzathu amene wachoka. Ejentiyo sankalimbana naye. Panthawiyo ndinkati ndi munthu womvetsa. Lero ndikudziwa kuti ankangoyang'ana R9,000 imene anali nayo kale m'manja.

Apa ndi pamene pakubwera mawu amene alibe mnzake weniweni m'Chichewa. Pa tsamba 8, pamwamba pa malo osainira, panalembedwa kuti alendi atatuwo ndi “jointly and severally liable”. Ndikanaliona tsiku loyamba lija, ndikhulupirira ndikanamasulira kuti “nonse muli ndi udindo”, nkumaona ngati ndamasulira bwino. Koma “nonse” wathuyu amamveka ngati aliyense asenza gawo lake. Mawu awowo akunena zina: ngongole yonse ili pamutu pa gulu, komanso ngongole yonseyo ili pamutu pa munthu aliyense payekha. Landilodi sakakamizidwa kusaka amene wathawa. Akhoza kusankha mmodzi amene akumuona, amene ali ndi ntchito kapena katundu, nkumulipiritsa zonse, ndipo zotsatira ndalamazo kwa anzake ndi zake. Chofanana nacho chimene ndimachidziwa kwathu ndi ngongole za pagulu zija amayi timatenga kumabungwe obwereketsa ndalama, zoti mmodzi akathawa amabwera kudzanyamula ndowa ndi mbuzi za amene mwatsala. Nditamufotokozera choncho mayi wa ku Mangochi, anagwira pakamwa nkunena kuti, “Asisi, mukananena kuti ndi ngongole ya pagulu, ine sindikanasaina ndi munthu amene ndinangokumana naye m'basi.”

Titaona kuti awiri sitikwanitsa, tinaganiza zosamukira kwa mnzathu wina ku Hillbrow. Pa 10 Juni mwanayo analemba notisi kuti tituluka pa 10 Julaye. Mwezi wathunthu, masiku 30, monga mmene aliyense kwathu angawerengere. Koma pepala linkati “one calendar month”. Kwa ife mwezi ndi mwezi, ukhoza kuyamba tsiku lililonse. Kwa iwo mawu owonjezerawo amatanthauza mwezi wa pakalendala, woyamba pa 1 nkutha tsiku lomaliza la mwezi womwewo. Notisi yoperekedwa pa 10 Juni imayamba kuwerengedwa pa 1 Julaye nkutha pa 31 Julaye. Tikanaipereka pa 31 Meyi, tikanatuluka pa 30 Juni opanda ngongole ya Julaye. Kuchedwa masiku khumi kunatigulira mwezi wonse.

Ine ndinafika ku Joni pa 6 Julaye kudzaoda komanso kudzathandiza kusamuka. M'mutu mwanga masamu anali osavuta. Ife awiri tinaika R6,000 pa dipoziti. Masiku khumi a Julaye ndi R1,500 pa chipinda chonse, gawo la ife awiri R1,000. Ndiye tibwezeredwa R5,000, ndipo yangayo ndinali nditaikonzera kale mabulangete. Pa 10 tinasesa, tinakolopa, tinatsitsa zikwama zinayi mpaka pansi. Pageti mlonda anati katundu satuluka popanda chikalata cha ku ofesi. Ku ofesi anatipatsa kapepala ka masamu awo. Lendi yotsala ya Epulo, Meyi ndi Juni R4,500. Lendi ya Julaye yonse R4,500. Penti R2,800. Kukolopa R650. Zonse pamodzi R12,450. Kuchotsa dipoziti ya R9,000, ife ndi amene tinali ndi ngongole ya R3,450, ndipo zikwama zikhala m'sitolo mwawo mpaka tilipire.

Ndinakhala pabenchi m'paki muja, pafupi ndi nyumba yoonetsera zojambulajambula ija, pamene ojambula zithunzi amadikira makasitomala, ndipo ndinalira ngati mwana. Si ndalama zokha. Katundu wa m'zikwamamo theka lake linali la maoda a anthu amene analipira kale ku Limbe, tikiti ya basi ndinali nditagula, ndipo masiku 30 amene amatidindira mu pasipoti anali akuyenda. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri nchakuti mwanayo sananene kanthu. Sanati “munati ndisaine ndinu”. Ankangondisisita kumsana.

Mayi wina wa ku Zimbabwe wogulitsa zipatso ndi amene anatilozera ku ofesi ina ku Braamfontein kumene maloya amathandiza anthu ulere. Tinapita m'mawa mwake ndi pepala lonse, ndipo zimene ndinaphunzira kumeneko ndi mbali ina ya nkhaniyi imene ndikufuna muimvetse, kuti musachoke pano mukuganiza kuti chilichonse cholembedwa papepala ndiye mapeto.

Mtsikana amene anatithandiza atawerenga ndime 7.2 anangomwetulira. Anati “may” ameneyo alibe mano, chifukwa pa nkhani ya dipoziti ya nyumba yogona lamulo lija la 1999 linalankhula kale, ndipo mfundo zake zimatengedwa kuti zili mu mgwirizano uliwonse, zilembedwe zisalembedwe. Ngakhale mlendi atasaina kuti akuzisiya, sizisiyika. Dipoziti iyenera kusungidwa ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha mlendi. Ngati palibe ngongole kapena chowonongeka, ibwezedwe yonse pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati pali zokonza, landilodi achotse mtengo woyenera wa zokonzazo, malisiti ake mlendi athe kuwaona, ndipo yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14.

Kenako anatifunsa funso limene sindinkaliyembekezera: kodi tsiku lolowa, inu ndi landilodi kapena womuimira munayendera chipindacho limodzi nkulemba zimene zinali zowonongeka kale? Nanga potuluka anabwera kudzayendera muli pomwepo? Tinati ayi, konse kuwiri. Polowa keyateka anangopereka makiyi. Anati pamenepo ndiye pagona mwayi wanu. Lamulo limafuna kuti kuyenderako kuchitike nonse muli pomwepo, polowa komanso m'masiku atatu omaliza mgwirizano usanathe. Landilodi akapanda kutero, zimatengedwa kuti wavomereza yekha kuti nyumbayo ili bwino, ndipo sangabwerenso ndi nkhani ya zowonongeka. Koma anatichenjeza kuti mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse. Landilodi akakuitana kuti mudzayendere iwe osabwera, amayendera yekha, amachotsa zimene waona, ndipo amakhala ndi masiku 21 oti abweze yotsala. Amalonda ife timakonda kutuluka usiku kuthamangira basi, makiyi nkusiyira mlonda. Ukatero wataya mwayi wotsutsa.

Anatiphunzitsanso mawu ena amene anali mu ndime ina koma ife osawaona kuti ndi otithandiza, “fair wear and tear”. Awanso alibe mawu amodzi m'Chichewa. Ndi kutha kwa chinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito bwinobwino. Chitenje chikasuluka chifukwa chochapa, ndiko kutha kwake. Chikapsa ndi simbi, wina wachiwononga. Penti yothimbirira chifukwa anthu akhalamo miyezi khumi ndi kusuluka kwa chitenje, si mlandu wa mlendi. Khoma loboola ndi misomali yopachikira zikwama, limenelo ndiye kupsa ndi simbi. Mwamwayi mwanayo, monga ana a masiku ano, anajambula chipindacho tsiku lolowa kuti aonetse mayi ake kumudzi, ndipo pa zithunzizo khoma linali lothimbirira kale, tsiku lake likuoneka mufoni.

Za zikwama zathu anatiuza zoona zake osatinyengerera. Ku South Africa landilodi ali ndi ufulu wina pa katundu wa mlendi amene ali m'nyumbamo ngati pali lendi yotsala. Maloya amautcha “tacit hypothec”, ndipo umakhalapo ngakhale usalembedwe papepala. Amalonda tiyenera kuudziwa chifukwa chuma chathu chonse chimagona m'zipinda za eni. Koma ufulu umenewo sumupatsa mphamvu yolanda yekha. Ayenera kudzera kukhoti, ndipo wogwira katunduyo ndi sherifu wa khoti, osati mlonda wa pageti. N'chimodzimodzi kutulutsa munthu m'nyumba: kuyambira 1998 lamulo la kumeneko limafuna chigamulo cha khoti, ndipo kusintha loko kapena kudula magetsi kuti mlendi atope nkoletsedwa. Pamwamba pa izo, malisiti a katunduyo anali m'dzina langa, ine amene sindinasaine mgwirizanowo.

Koma pa “jointly and severally” ndi “calendar month” anatiuza kuti palibe chimene angatichitire. Mawu amenewo ndi ololedwa, tinasaina tokha, ndipo lendi tinali nayodi ngongole. Anangowonjezera kuti tikanakhala tidakali m'kati mwa miyezi 6 yoyamba ija, lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, likanatilola kuthetsa mgwirizano popereka notisi ya masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale landilodi akanakhala ndi ufulu wotidula chindapusa choyenera. Ndinamufunsa kuti choyenera ndi ndalama zingati. Anaseka, nkunena kuti ndi “reasonable” yemwe uja, nalonso lamulo limamugwiritsa ntchito, kungoti apa pali woweruza amene angayeze ngati landilodi wapyola muyeso.

Anatilembera kalata ya tsamba limodzi yotchula zonsezi, nkunena kuti zikwama zikapanda kutuluka tikadandaula ku Rental Housing Tribunal ya chigawo cha Gauteng. Limeneli ndi bwalo la boma loweruza mikangano ya alendi ndi eni nyumba, salipiritsa, safuna kuti ukhale ndi loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Ife sitinafike kumeneko. Ejenti atawerenga kalatayo anaimbira bwana wake, ndipo pa tsiku la chisanu ndi chimodzi zikwama zinatuluka. Penti ndi kukolopa, R3,450 ija, anazifufuta. Lendi ya R9,000 inameza dipoziti ya R9,000 ndendende. Chimene chinatsala ndi chiwongoladzanja, R210, chimene ndikukhulupirira kuti sankaganiza zotipatsa tikanapanda kuchitchula. Tinagawana ndi mayi wa ku Mangochi, R105 aliyense, m'malo mwa R2,500 imene aliyense ankadikira. Tikiti ya basi ndinagulanso ina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha muchigwire bwino, chifukwa ena mukawerenga izi muthamangira kukaopseza landilodi wanu ndi lamulo limene silikukukhudzani. Chitetezo cha lamulo la nyumba za lendi chimene ndafotokozachi ndi cha nyumba yogona. Ukachita lendi sitolo, shopu kapena kachipinda kosungiramo katundu basi, lamulo la 1999 lija silifikako, ndipo bwalo lija silimva nkhani yako. Kumeneko “may” amaluma ndi mano onse, zimene walemba landilodi ndi zimene zikugwira ntchito. Komanso mapepala ambiri a mafulati amakhala ndi mzere wakuti chipindacho ndi “for residential purposes only”, kutanthauza chogonamo basi. Ife tinkaunjikamo mabelo mpaka kudenga. Mtsikana uja anandiuza poyera kuti ejentiyo akanakhala wochenjera akanayambira pamenepo. Ngati mukudziwa kuti muzisungamo katundu wa geni, nenani poyamba, alembe pamzere womwewo kuti walola, nonse musainire pambali pake.

Zolemba pambalizi anthu ambiri sadziwa kuti nzotheka. Pepala la ejenti si Baibulo. Chipinda chimene tili nacho pano, kufupi ndi msewu wa Wolmarans, ndinakhala ndi mwini wake pafupifupi ola lathunthu. Pamene panali “may” pa dipoziti ndinapempha adule alembe “shall” ndi masiku ake. Pa zokonza ndinati m'malo mwa “reasonable time” tilembe masiku 7 pa madzi ndi magetsi. Anavomera ziwirizo, tonse tinaika zilembo zoyamba za maina athu pambali pa mzere uliwonse wosinthidwa, ndipo ndinajambula masamba onse atasainidwa, osati asanasainidwe okha. Pa “jointly and severally” anakanitsitsa, akuti iye sangamasake anthu ku Malawi. Ndinamumvetsa, inenso ndikanakhala iye ndikanakana. Ndiye m'malo mwake tinasaina awiri okha odziwana mpaka kumudzi, ndipo aliyense wobwera kudzagona nafe amalipiriratu asanatsitse chikwama.

Mmodzi mwa anayi amene anditumizira zithunzi sabata ino pepala lake si la nyumba, ndi la ntchito m'shopu ina ya ku Fordsburg. Achimwene, sindikutchulani dzina, koma mzere umene mwauzungulira mosangalalawo ukuti “up to R5,500 per month”. “Up to” ndi “mpaka”, ndi denga, osati pansi. R3,000 nayonso ili m'kati mwa “mpaka R5,500”. Afunseni akulembereni ndalama imene simungalandire yochepera pamenepo, ndi maola ake pa sabata. Ndipo chithunzi chanu m'munsi mwake mukuoneka kuti ndi tsamba 1 mwa masamba 4. Tumizani atatu enawo, ndiwerenga usiku ndikatseka.